Ottilia Sakala ndi Mapazi a Malemu Levison

Ottilia Sakala ndinamuona koyamba chaka chimene anandisamutsira ku Katete pa ntchito yanga ya ulangizi wa zaulimi. Ofesi inkafuna chithunzi cha nkhope yanga, ndipo anandilozera kasitudiyo ka kuseri kwa msika, pakati pa osoka nsapato ndi ogulitsa kapenta. Mwini wake anali malume ake a Ottilia. Iye anali namwali wowonda, wa maso osaphethira, atakhala pakona ndi pensulo yosongoka ngati singano, akufufuta zipsera pankhope ya mkwatibwi wina. Atandijambula anandiuza kuti ndibwere Lachisanu. Nditabwera ndinapeza mwamuna wosalala, woyera, wopanda khwinya ngakhale limodzi. Ndinamufunsa kuti ameneyu ndani. Anandiyankha osaseka kuti ndine amene, koma anandichapa pang'ono, poti aliyense wolowa pakhomo limenelo amafuna kutuluka atachapidwa.

Imeneyo ndiyo inali ntchito yake kwa zaka makumi awiri. Malume ake atamwalira situdiyo inatsala m'manja mwake, ndipo makompyuta atafika iye anali woyamba pamsikapo kuphunzira kudula munthu pachithunzi n'kumuika pena. Anyamata a m'midzi ya ku Mkaika ankaima pafupi ndi galimoto zimene sanazikwerepo. Koma chimene chinamutchukitsa ndi zithunzi za maliro. Anamfedwa ankabwera ndi kachithunzi kothimbirira ka pachitupa, kapena ka paukwati wa wina pomwe malemu anaima kumbuyo nkhope ili mumdima. Ottilia ankachotsa mdima wonsewo, kuwalitsa mphumi, kuyeretsa kolala, mpaka malemu aoneke ngati wangosamba kumene. Kwa iye umenewo unali ulemu, ndipo anthu ankamuthokoza ndi misozi.

Ottilia atakula msinkhu, bungwe lina la alimi linayamba kupanga makatuni ophunzitsa, ndipo linafuna munthu wa kuno womalizitsa ntchito. Ottilia anapita ku Lusaka miyezi itatu, nabwera ndi laputopu ndi luso latsopano. Ine ndinali nditapuma kale, koma ankandiitana kuti ndiziona ngati zaulimi za m'makatunimo zili zoona, ndiye ndinkakhala pabenchi pake ndi kuonerera. Anyamata a ku Lusaka ankaumba anthu a m'katuni pa makompyuta awo, n'kuwatumiza pa fulashi, kachipangizo kosungiramo za pakompyuta, kamene kankabwera ndi basi ya m'mawa. Sankabwera ngati chithunzi chimodzi. Ankabwera m'maleya, ngati mapepala oonekera osanjikizana: lapansi ndi malo, lapamwamba ndi munthu yekha wopanda chomuzungulira, lina ndi chithunzithunzi chimene munthuyo akuponya pansi, lina ndi kamdima kakang'ono ka kunsi kwa mapazi. Ntchito ya Ottilia inali kusanja zonsezi ndi kulinganiza mitundu yake kuti zikhale chinthu chimodzi.

Katuni ya nsawa inali yachitatu. Inali yophunzitsa kuyanika nsawa pathandala kuti zisachite chuku, ndipo bungwelo linaganiza kuti mphunzitsi wa m'katunimo akhale munthu weniweni, a Levison Mbewe a m'mudzi wina wa kumwera kwa Sinda. Bamboyu ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri. Anali wakuda bii, wa chipewa cha mlaza, wotsimphina mwendo wamanzere chiwagwereni ngolo. A bungwe anawajambula mbali zonse, anatenga mawu awo, ndipo Ottilia anajambula bwalo lawo m'mawa wina wa mwezi wa Meyi kuti likhale malo a katuniyo: nyumba, nkhokwe, thandala ndi mtengo wa mango. Koma mu Januwale, ntchito ili mkati, a Levison anadwala masiku anayi n'kutisiya.

Bungwe linafunsa ngati lipitirize. Amene anavomera ndi mkazi wawo, mayi Mwandida. Anati amuna awo ankainyadira ntchitoyo, ipitirire. Mayiwa anali pa chitengwa, ndiko kuti anasiya kwawo ku Vubwi n'kudzakhala kumudzi kwa mwamuna, ndipo kwawoko analibenso munda kapena makolo. Achibale a malemu anali asanawasudzule. Anagwirizana kuti akakolola adzakhala pansi n'kunena ngati mayiwa atsale panyumbapo ndi ana kapena abwerere. Wotsogolera mbumba anali a Zikani, mkulu wawo wa malemu, munthu wosalankhulalankhula, amene za katuni anangozimvera kwa ena.

Maleya a a Levison atafika, Ottilia anaona vuto. Anyamata a ku Lusaka anawalitsa munthuyo kuchokera kumanzere, pamene pabwalo lojambulidwa m'mawa dzuwa linali kumanja. Chithunzithunzi cha nkhokwe chinkapita uku, cha a Levison uko. Ntchito inkafunika msanga, anthu asanayambe kukumba nsawa. Ottilia anachita zimene dzanja lake linazolowera. Anazimitsa leya ya chithunzithunzi chachikulu, ndipo poona kuti kamdima ka kumapazi katsala kokha ngati dothi, anakazimitsanso. Kenaka, pokumbukira kuti awa tsopano ndi malemu, anawawalitsa nkhope, nayeretsa malaya, nachotsa mdima wa kunsi kwa chipewa. Ine ndinaziona pa laputopu, pomwe munthu yense anali wamtali ngati chala, ndipo ndinayang'ana thandala lokha ngati lili pamsinkhu woyenera. Ndinati zili bwino. Mlandu umenewo ndi wanganso.

Tinakaonetsa m'tchalitchi cha m'mudzimo Loweruka masana, titatchinga mazenera ndi zitenje. Munadzaza mpaka ana anakhala m'miyendo ya akulu. Pakhoma loyera panatuluka bwalo la a Levison, ndipo anthu anasekerera pozindikira nkhokwe. Kenaka panatulukira mwini wake, wamkulu ngati munthu wamoyo, akupereka moni ndi mawu ake enieni.

Phokoso lonse linatha. Munthu uja anali a Levison, chipewa ndi kutsimphina komwe, koma anali wotuwa, wonyezimira ngati phulusa lothiridwa mwezi. Mango anali ndi mthunzi, nkhokwe inali ndi wake, ngakhale lichero losiyidwa pansi linali ndi wake, koma iye yekha analibe. Mapazi ake ankayenda, koma sankakhudza dothi. Ankangoyandama pabwalo lake lomwe, kupita kuthandala n'kubwerera, ngati wosowa khomo.

Mayi wina wakutsogolo anafunditsa mwana wake chitenje kumutu. Benchi linagwa. Nkhalamba zinayamba kutuluka chammbuyo, maso ali kukhoma, ndipo wina anayamba pemphero mokweza osalimaliza. Mayi Mwandida sanalire. Anaimirira, manja ali pakamwa, mpaka anzawo anawagwira. Ottilia anafuna kuzimitsa koma zala zinkaphonya, ndipo malemu anapitiriza kuphunzitsa za chuku m'tchalitchi chothawidwa.

A Zikani anatidikira panja. Analankhula motsitsa, osatiyang'ana ife koma mlamu wawo.

"Tinamuika ndi manja athu mng'ono wanga. Lero mwamudzutsa kuti aziyendayenda opanda poponda. Amene munavomera zimenezi ndinu, mlamu. Loweruka likudzali mbumba ikumana, musadikirenso zokolola."

Aliyense anamva tanthauzo lake. Mayi Mwandida akanachoka pamudzipo ndi mtolo pamutu, nsawa zawo zili m'nthaka.

Tinabwerera ku Katete pa minibasi. Titadutsa pa Sinda, Ottilia anandiuza kuti moyo wake wonse ankayesa kuti mdima pachithunzi ndi litsiro. Anati chithunzi cha maliro chimangokhala nkhope pakhoma, sichiyenda, ndiye ukachiwalitsa palibe chimene chimavuta, koma munthu woyenda pabwalo amafuna dothi limugwire. Ndinamuuza kuti mwina a bungwe akapepese ndi mbuzi. Anapukusa mutu. Anati mbuzi idyedwa, koma chimene anthu aona chitsala m'maso mwawo, ndipo chingachichotse ndi kuona kwina basi.

Lolemba anaimbira a Chrispin, mkulu wa anyamata a ku Lusaka, kuti asinthe kuwala kuchokere kumanja. Iwo anati kutulutsanso maleya onse pa makompyuta awo kungatenge masabata awiri. Anamulangiza kuti angotembenuza munthuyo, kumanzere kukhale kumanja. Ottilia anakana, poti a Levison akanayamba kutsimphina mwendo wamanja, ndipo mudzi wonse ukanaona. A Chrispin anati nanga atembenuze bwalo. Ottilia anakananso, poti nkhokwe ikanasamukira mbali imene kulibe nkhokwe. Atadula foni anandifunsa funso la mlimi: dzuwa limene m'mawa lili kumanja, madzulo limakhala kuti? Ngati munthu sangasinthike, ndiye bwalo lijambulidwenso pa ola limene dzuwa ligwirizana naye.

Lachiwiri tinali kumudzi. Palibe anatilandira katundu. Mayi Mwandida anali atayamba kale kumanga ziwiya m'chitenje. Ottilia anatenga chithunzi chakale cha bwalo, nasuntha miyendo itatu ya kamera uku ndi uku mpaka nsonga ya nkhokwe inakumana ndi nthambi ya mango monga zinalili poyamba, ndipo msinkhu wa kamera anauyeza ndi chingwe. Pa leya ya ku Lusaka chithunzithunzi chinali chotalika kamodzi ndi theka kuposa mwini wake. Pankafunika munthu woima pamalo a malemu kuti tidziwe ola lake, ndipo ine ndine wamfupi, wonenepa. Ottilia anavula nsapato, napita kukagwada pakhonde la a Zikani.

Ndinamva zonse ndili potero. Sanadzikhululukire. Anati amene anachotsa chithunzithunzi cha malemu ndi iye, ndi chala chake, mayi Mwandida osadziwa kanthu. Anati iye ndi wa kuboma, a Levison anangowaona kawiri, ndipo sangawabwezere pansi popanda munthu amene anakula nawo, wa thupi lofanana nawo. A Zikani anapitiriza kupala mpini. Kenaka anafunsa ngati akufuna kuwasandutsa nawonso mzukwa. Ottilia anati iwo sadzaoneka m'katunimo, akungofuna kuphunzira kwa dzuwa mmene limagwera pa munthu wa banja limenelo. Sindidziwa chimene chinawadzutsa, kaya ndi chidwi kaya ndi mkwiyo wofuna kuona mapeto ake. Anatenga chipewa chawo cha mlaza nabwera.

Anaima pafupi ndi thandala kuyambira dzuwa litangopendeka. Ottilia anayeza msinkhu wawo ndi chingwe, naonjeza theka, nakhoma kamtengo pansi. Tonse tinadikira kuti mutu wa chithunzithunzi ufike pa kamtengoko. Anthu anayamba kusonkhana kumpanda, patali. Chinafika cha m'ma fifitini koloko, ndiko kuti 3 koloko masana. Ottilia anajambula a Zikani ataima ndiponso akuyenda, kenaka anawapempha achoke, najambula bwalo lopanda munthu.

Ntchito yotsala anaichitira pakhonde lomwelo masiku awiri, batire akukatchajitsa pa sola ya kusukulu. Anaika bwalo latsopano pansi, a Levison pamwamba, ndipo chithunzi cha a Zikani anachiika pambali ngati muyezo. Anayatsa leya ya chithunzithunzi n'kuiika kuti izidetsa dothi lili kunsi kwake m'malo moliphimba, kotero timiyala ndi mapazi a nkhuku zinkaonekabe mkati mwake. Chinali chakuda kwambiri ngati phula. Anatenga mtundu pamthunzi wa nkhokwe, wofiirira wopita kobiriwira pang'ono, nauika pamenepo. Pafupi ndi mapazi anachisiya chakuthwa, kumutu anachifewetsa m'mphepete, monga chinalili cha a Zikani. Pamene chinafika pa mwendo wa thandala anachipinda kuti chikwere mtengowo. Ndiye anayatsa kamdima ka kumapazi kaja. Ndinaona ndi maso anga munthu akutera. Kanali kanthu kochepa ngati chikhadabo, koma chidendene chinalemera nthawi yomweyo.

A Zikani poyamba ankaonera chapatali, akunamizira kukonza khasu. Tsiku lachiwiri anali ataima kumbuyo kwa Ottilia, akupumira m'khosi mwake.

"Mng'ono wanga sanali wotuwa chonchi. Kodi munamudzoza ufa?"

Ottilia anachotsa kuwalitsa konse kumene anaika, natsitsa mpaka pakuda penipeni pa munthuyo, kunsi kwa chipewa, panafanana ndi pakuda penipeni pa bwalo, pakhomo la nyumba. Anandiuza kuti zakuda ziwirizo zikasiyana, diso limadziwa kuti munthuyo ndi womata. A Zikani anati adetsebe. Anadetsa. A Zikani anatinso malaya ayera ngati a abusa, pamene mwini wake ankachapa pa Loweruka pokha. Ottilia anawathira kufiira kwa madzulo, ndipo kumiyendo ndi kunsi kwa chibwano anaika kufiira kwa katondo, poti dothi lowombedwa ndi dzuwa limabwezera mtundu wake pa munthu. M'mphepete mwa thupi, mmene munali mwakuthwa ngati modula ndi lumo, anafewetsa pang'ono kuti kuwala kwa bwalo kulowerere paphewa. Mayi Mwandida anabwera ndi madzi akumwa, nasuzumira, nanena kuti zala za kumapazi sizinkayera chotero nyengo yokumba nsawa. A Zikani anati zimenezo n'zoona. Anali mawu oyamba kugwirizana pakati pawo chichitikireni maliro.

Loweruka mbumba inasonkhana pansi pa mango. Ottilia anapempha kuti asanayambe nkhani alowe m'tchalitchi akulu okhaokha. Ena anakana, natsala pakhomo. Tinatchinganso mazenera. Ine ndinalumikiza chingwe cha pulojekita.

A Levison anatulukira kuseri kwa nkhokwe, wakuda monga tinkawadziwira, dzuwa la madzulo lili patsaya lamanzere la chithunzi, chithunzithunzi chawo chikutsimphina nawo limodzi pa dothi lofiira. Palibe anayang'ana nkhope. Maso onse anali kumapazi. Anafika pathandala, naima, nayamba kulankhula za chuku. Apa ndi pamene mayi Mwandida analira, kulira kwa pansi pamtima kumene sanalire Loweruka lapitalo, ndipo azilamu awo aakazi analira nawo. Nkhalamba ina inayankha moni wa malemu mosadziwa, kenaka inadzigwira pakamwa. Kunena zoona, ine kuona kwachiwiriku kunandigwedeza kuposa koyamba, chifukwa koyamba ndinaona chinthu choopsa, koma apa ndinaona mnzanga.

Katuni itatha a Zikani anati ibwerezedwe. Anaionera kawiri ataimirira. Potuluka anaima pakhomo n'kunena kwa mbumba:

"Waponda. Ali pakhomo pake, ndipo akuti nsawa ziyanikidwe pathandala. Nanga aziyanika ndani tikamuchotsa mkazi wake? Mlamu, masulani mitolo ija."

Sanapepese, ndipo sindinamvepo kuti anadzapepesa. Azakhali ena awiri anang'ung'udza mpaka chaka chinatha, ndipo mabanja angapo sanalole konse ana awo kuonera katuniyo. Koma mayi Mwandida anakumba nsawa zawo, ndipo atawasudzula anatsala panyumbapo.

Ottilia anapanganso makatuni asanu ndi imodzi, ya thonje, ya katemera wa nkhuku ndi ena. Sanalolenso kutulutsa ntchito asanaione pakhoma lalikulu, ndipo ku Lusaka ankatumiza chithunzi cha malo ndi ola lake anyamata asanayambe kuwalitsa. Zithunzi za maliro ankapangabe, koma anayamba kufunsa anamfedwa kuti malemu anali wa khungu lotani, ndipo ena ankakwiya n'kupita kwa mnyamata wina wa pasiteshoni ya basi amene ankayeretsa osafunsa. Iye sankawaletsa. Anakwatiwapo kamodzi, ndipo sanakwatiwenso chimwalirireni mwamuna wake, analera ana atatu a mchemwali wake, ndipo anali wouma mutu pa zamankhwala. Shuga anamudya mwakachetechete, kuyambira m'maso.

Chaka chake chomaliza ndinkapita kukamuona kunyumba, poti kusitudiyo sankafikako. Tsiku lina ndinapeza mlendo pamkeka. Anali mayi Mwandida, atakwera njinga yamoto mpaka pa Sinda, minibasi mpaka ku Katete. Anabwera kudzazonda wodwala, koma analinso ndi pempho, ndipo anazungulira nalo nthawi yaitali asanalitule. Anati chaka chimenecho anafolera nyumba ndi malata, namanga khonde la simenti. Tsono adzukulu akamaonera katuni ija pa foni amaseka kuti agogo aamuna amakhala m'nyumba ya udzu. Ankafunsa ngati n'zotheka kuwasamutsira a Levison panyumba yatsopanoyo, nawonso aione.

Ottilia anaseka mpaka kutsokomola. Maso ake panthawiyo sankatha kuwerenga ngakhale zilembo zazikulu, ndipo tonse atatu tinkadziwa zimenezo. Koma anafunsa ngati nkhokwe ikadali pomwe inali, ngati mango sanadulidwe, ndiponso ngati malatawo ndi onyezimira kapena opaka utoto, poti onyezimira amaponya kuwala paphewa la munthu. Mayi Mwandida anayankha zonse mosamala. Ottilia anapapasa pampando, napeza kabokosi ka mapiritsi ake, nandipatsa pamodzi ndi bolopeni.

"Lembani apo, alangizi. Meyi, fifitini koloko. Ndipo muwauze a Zikani asataye chipewa."

Ndinalemba. Mayi Mwandida anati chipewacho chilipo, kungoti mbewa zinadya mphepete.